Funso: Gawo la njira mu lipoti la labu, ndilembemo chiyani za Python?

Wa ku Chikanda: Akuluakulu ndithandizeni, lipoti landibwerera. Mu labu tinatchaja kapasita ya 1000 µF kufika pa 5 V, kenako tinaisiya kuti izitha mphamvu kudzera mu rezisita ya 10 kΩ. Arduino inkawerenga voliteji theka la sekondi lililonse kwa masekondi 90, mizere yonse 181 mu fayilo. Chofunika chinali kupeza tau, nthawi yosonyeza mmene kapasita ikuchedwera kutha mphamvu, mu `V = V0*exp(-t/tau)`. Pa gawo la njira ndinangolemba chiganizo chimodzi, chakuti deta inasanthulidwa ndi Python. Aphunzitsi azunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti "motani?". Chinanso, ine ndapeza tau ya masekondi 10.4, mnzanga wa gulu lomwelo wapeza 9.9, fayilo imodzimodzi. Akufuna lipoti Lachisanu. Ndilembe zotani?

Che Matawale: Koperani khodi yonse muiike pamenepo basi. Khodi sinama, aliyense awerenga yekha zimene munachita.

Mayi Injiniya: Khodi aiike ndithu, koma kumapeto kwa lipoti, osati m'gawo la njira. Khodi imaonetsa zimene kompyuta inachita, siinena chifukwa chimene munasankhira zimenezo. Achimwene a ku Chikanda, tisanalembe kanthu ndiyankheni ziwiri. Mizere 181 yonseyo inalowa m'masamu? Nanga inu ndi mnzanuyo munagwiritsa ntchito lamulo limodzi?

Wa ku Chikanda: Ayi mayi. Chakumapeto, kupitirira masekondi 70, Arduino inayamba kulemba 0, ndiye `np.log` imatulutsa `-inf`. Ndinataya mizere yonse yochepera 0.05 V, inatsala 96. Kenako ndinasiya za logi ndi kuchita izi:

```python
ok = V >= 0.05
f = lambda t, V0, tau: V0*np.exp(-t/tau)
p, pcov = curve_fit(f, t[ok], V[ok], p0=[5, 10])
```

Mnzangayo anangotaya maziro okha, anatenga `np.log(V)` n'kukoka mzere wowongoka ndi `np.polyfit`.

Mayi Injiniya: Ndiye "motani" wa aphunzitsi uja ndi ameneyu. Mwataya mizere 85 pa 181, pafupifupi theka la deta, osauza munthu. Wowerenga akatenga fayilo yanu ndi chiganizo chanu chija sangafike pa 10.4, ndipo sangadziwe ngati wolakwa ndi iye kapena inu.

Kusiyana kwanu ndi mnzanuyo kuli ndi gwero lake. Arduino Uno imagawa 5 V m'masitepe 1024, sitepe imodzi ndi pafupifupi 0.0049 V. Voliteji ikakhala 4 V, kuphonya sitepe imodzi si kanthu. Koma ikatsika kufika 0.01 V, ndiye kuti ndi masitepe awiri okha, kuphonya imodzi ndi theka la nambala yonse. Logi imakulitsa zolakwika za kumchira zimenezi, ndipo `np.polyfit` popanda kuiuza china imazilemekeza mofanana ndi manambala abwino a kumayambiriro. Mzere wa mnzanuyo wakokedwa ndi mchira. `curve_fit` yanu ikuyeza kuphonya pa voliteji yeniyeniyo, choncho mchira ulibe mawu ambiri. Nonse munagwiritsa ntchito Python, koma masamu ndi osiyana, n'chifukwa chake dzina la Python palokha silinena njira.

Mjomba wa ku Songani: Ine Python inandikana kulowa pa laputopu mpaka ndinaika Anaconda. Yesani imeneyo mphwanga, zonse zimabwera pamodzi.

Wa ku Chikanda: Zikomo malume, koma ikugwira bwinobwino. Vuto ndi kulemba.

Nachisale92: Zangati zimenezi zinandichitikira chaka chatha ndi deta ya kutentha kwa madzi. Girafu inali yamanomano, ndiye ndinaisalaza ndi `rolling(10).mean()` kuti ioneke bwino, osalemba paliponse. Pofotokoza pamaso pa kalasi anandifunsa chifukwa chake girafu yanga ikuchedwa kukwera poyerekeza ndi ya anzanga. Kusalazako kumakankhira mzere kutsogolo, ine osadziwa. Ndinangoti kakasi. Chilichonse chimene mwachita pa manambala asanalowe mu `curve_fit`, lembani.

Mayi Injiniya: Eya, asisi anena zoona. Ndikupatseni m'Chichewa mmene ndikanalembera, mukatembenuze nokha m'Chingerezi, ndipo muone kuti ndi nkhani yotsatira ulendo wa deta, kuchokera mu fayilo kukafika pa yankho:

Manambala a Arduino anasandutsidwa voliteji pochulukitsa ndi 5/1024. Pa miyeso 181, miyeso 85 yochepera 0.05 V inachotsedwa chifukwa pamenepo sitepe imodzi ya chida ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a muyesowo. Miyeso 96 yotsala inayerekezedwa ndi `V = V0*exp(-t/tau)` pogwiritsa ntchito `scipy.optimize.curve_fit`, V0 ndi tau zonse zikufunidwa, poyambira pa 5 V ndi masekondi 10, miyeso yonse ikulemera mofanana. Kukayikitsa kwa tau kunatengedwa mu `pcov`. Khodi yonse ili kumapeto kwa lipoti.

Muonjezerepo mtundu wa Python ndi SciPy umene munagwiritsa ntchito, `scipy.__version__` ikuuzani. Zoti munatsegula Jupyter, munaitana pandas, girafu munaipaka buluu, zisiyeni. Ndipo 10.4 yo isalowe muno, malo ake ndi gawo la zotsatira.

Che Matawale: Koma mayi, 0.05 imeneyo akuipezera chifukwa lero, ataona kale yankho. Si kuphika kumeneko?

Mayi Injiniya: Funso labwino, ndipo pali njira yodziwira. Malire amenewo anabwera chifukwa cha logi, pomwe `curve_fit` maziro saiopsa. Achimwene, thamangitsaninso ndi mizere yonse 181, kenako ndi malire a 0.1 V, mutiuze. Tau ikamayendayenda ndiye kuti yankho lanu lakhazikika pa chisankho chanu, osati pa kapasita. Muonjezerenso mzere uwu:

```python
err = np.sqrt(np.diag(pcov))
```

Wa ku Chikanda: Ndayesa, magetsi atangobwera. Konse kutatu ikutuluka 10.41, `err[1]` ndi 0.01. Ndiye ndilembe 10.41 ± 0.01? Nanga poti R kuchulukitsa C ndi 10 ndendende, si ndiye kuti ndaphonya kutali?

Mayi Injiniya: Poti sikusuntha, gwiritsani mizere yonse, chiganizo cha kuchotsa chija chichoke, mungonena kuti munayesa malire awiriwo ndipo tau sinasinthe. Za 0.01 samalani. Nambala imeneyo ikungonena mmene madontho amwazikira mozungulira mzere, poti simunapereke `sigma`. Siidziwa kanthu za wotchi ya Arduino. Pamenepa nenaninso m'njira ngati nthawi munaiwerenga ndi `millis()` kapena munangoganiza kuti `delay(500)` ndi theka la sekondi ndendende, chifukwa nthawi ikalakwika tau imalakwika nayo. Za 10 musadandaule. Makapasita amtundu umenewo nthawi zambiri amalembedwa ±20%, ndiye chilichonse pakati pa 8 ndi 12 n'chotheka.

Nachisale92: Apo ndiye 9.9 ya mnzakeyo ilinso mkati. Ine ndikanaika njira zonse ziwiri mu lipoti n'kuzifanizira.

Che Matawale: Masamba amawerengedwatu. Njira imodzi yokwana, inayo ndi ya mwini wake.

Wa ku Chikanda: Nthawi ndinaipanga ndi `np.arange(0, 90.5, 0.5)`, mu fayilo mulibe `millis()`. Labu atsegula Lachinayi masana. Ndibwereze muyeso wonse kapena ndingolemba kuti ndinaganizira theka la sekondi?