Kodi kufufuta PK kumachotsanso db?

Ndimakonza makompyuta kuno ku Chipata, ndipo ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino za Secure Boot. Mmene ndikumvera ine, PK ndi kiyi imodzi yokha ya mwini makina imene imasaina zosintha za KEK, KEK nayo imasaina zolowa mu db ndi dbx, koma pulogalamu yoyatsira makina imayesedwa ndi db ndi dbx basi, PK siikhudzidwa pamenepo.

Ndili ndi laputopu ya kasitomala yokhala ndi Windows ndi Linux, ndipo ndikufuna kuikamo makiyi anga. Nditafufuta PK, malamulo awa akusonyeza kuti PK palibe ndipo makina ali mu Setup Mode:

```
efi-readvar -v PK
bootctl status
```

Komabe ziphaso za Microsoft zikuonekabe mu KEK ndi mu db, zimene sindinayembekezere. Kodi ndikalemba PK yanga n'kusiya KEK ya Microsoft mmene iliri, zosintha za dbx zochokera kwa iwo zidzapitiriza kulandiridwa popanda siginecha yanga? Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi Microsoft Corporation UEFI CA 2011, chifukwa ndi imene inasaina shim. Ndikaichotsa mu db, kodi ndi Linux yokha imene idzakana kuyaka, kapena khadi la zithunzi nalonso lidzasiya kuonetsa kanthu?