Chithunzi ndinafufuta koma uthenga ukuonekabe

Abale anga a kuno ku Harare, ndithandizeni. Achimwene anabwereka foni yanga, ndiye ndinafufuta mu Gallery chithunzi cha risiti chimene ndinatumiza pa WhatsApp. Koma nditatsegula macheza, malo a chithunzicho alipobe: kachithunzi kosaoneka bwino, nthawi imene ndinatumiza, ngakhale tizizindikiro tiwiri tija. Ndikakadina, foni ikuti chithunzicho mulibe.

Mnzanga wokonza mafoni ku Mbare akuti uthenga umasungidwa pawokha pamodzi ndi kachithunzi kakang'onoko, pamene chithunzi chenicheni chimakhala mu foda ina. Ndiye kuti ndinangochotsa mbali imodzi? Nanga ndikasankha "Delete for me", zonse zichoka m'foni yangayi? Za "Delete for everyone" sindikufuna, chifukwa amene ndinawatumizirawo risitiyo akuifunabe.