Za chifuwa cha abambo chija

Mwezi watha ndinafunsa kuti abambo akutsokomola chouma osatulutsa kanthu, ndi chimfine basi kapena?

Zinayenda chonchi. Ife timati ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza, chifukwa chimfine chimatero, chimayamba chouma chokanda pakhosi kenako makhololo, pakatha sabata kapena awiri chayamba kuchepa. Koma chawo chinapitirira masabata atatu, usiku thukuta mpaka kunyowetsa malaya, thalauza kumakhwepa, nsima osaifuna. Kuchipatala anati chikadutsa masabata awiri amayeza TB, chouma kaya chonyowa zilibe kanthu. Anapereka makhololo mkabotolo ndipo yapezekadi. Ayamba mankhwala a miyezi 6, aulere, akuti osadukiza olo apeze bwino. Tonse a mnyumba atiyitananso kukayezetsa, mawa tikupita.