Chidule cha ziganizo zitatu: akuti ndakopera ngakhale ndinasintha mawu

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tinapatsidwa nkhani ya ndime zisanu ndi imodzi yofotokoza mmene anthu anadziwira gwero la malungo, ndipo tinauzidwa kuti tiifupikitse m'ziganizo zitatu zokha pogwiritsa ntchito mawu athuathu. Ndinaikirapo mtima wonse, koma pepala langa labwerera ndi mawu akuti ndakopera. Chiganizo choyamba cha nkhaniyo chimati: "Kwa zaka mazana ambiri, anthu ankakhulupirira kuti malungo amabwera chifukwa cha mpweya woipa wochokera m'madambo." Ine ndinalemba kuti: "Kwa nthawi yaitali, anthu ankaganiza kuti malungo amayamba kaamba ka mpweya wonunkha wotuluka m'zithaphwi." Popeza ndinasintha pafupifupi liwu lililonse, kukoperako kuli pati?

Vuto lina ndi lakuti ziganizo zanga zitatu zinatha ndili pa ndime yachitatu. Ndime ziwiri zoyamba zikukamba za chikhulupiriro cha mpweyacho. Yachitatu ikunena za Laveran, dokotala wa asilikali a France amene anaona tizilombo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Yachinayi ndi yachisanu zikunena za Ross, amene anapeza tizilomboti m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897, komanso za ofufuza a ku Italy amene mu 1898 anasonyeza kuti malungo a anthu amafalitsidwa ndi udzudzu wa Anopheles. Yomaliza ikufotokoza mmene kapewedwe ka matendawa kanasinthira.

Wophunzira mnzake: Achimwene, kwa ine njira yosavuta ndi yotenga chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, chifukwa m'menemo ndi mmene mumagona mfundo ya ndimeyo, kenaka n'kusintha mawu ake ndi ena ofanana tanthauzo. Mwina aphunzitsi anu anakulakwitsani chifukwa munasiya mawu akuti "anthu", "malungo" ndi "mpweya" osawasintha.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito: Mnzanuyu wanena zoona pang'ono, chifukwa ndime zambiri zimayambadi ndi mfundo yake, ngakhale kuti zina zimaibisa pakati kapena kumapeto. Koma pa zosintha mawu ndikutsutsana naye, ndipo kumeneko n'kumene kwakugwetsani inu wofunsa. Ikani ziganizo ziwirizo moyandikana muone. Zonse zayamba ndi nthawi, kenaka anthu, kenaka mneni wa kuganiza, kenaka matenda, kenaka mpweya, n'kutsiriza ndi malo amene mpweyawo umachokera. Nyumba ndi yomwe ija, inu mwangoipaka utoto wina. Wochonga aliyense wozolowera amaona msanga dongosolo limeneli, ndipo kwa iye chimenecho ndiye kukopera. Kuwonjezera apo, kusaka mawu ofanana kwakusokonezerani tanthauzo, pakuti mpweya woipa si chimodzimodzi ndi wonunkha, ndipo dambo si chithaphwi. Liwu lakuti "malungo" lisiyeni mmene lilili, chifukwa dzina la chinthu silibedwa.

Chimene ndinkauza ophunzira anga ndi ichi. Werengani nkhani yonse kawiri musanagwire cholembera. Kenaka pa ndime iliyonse lembani mawu osapitirira anayi, osati chiganizo, chifukwa mukalemba chiganizo chathunthu nkhaniyo ili pamaso panu, dzanja limatsata mlembi osadziwa. Pa nkhani yanuyi mungalembe "mpweya, madambo", "Laveran, magazi, 1880", "Ross, udzudzu, 1897", "Italy, Anopheles, 1898", ndiponso "kapewedwe kanasintha". Mukatero, tembenuzani pepala la nkhaniyo lisaonekenso, ndipo mufotokoze mokweza mawu ngati mukuuza m'bale wanu amene sanaiwerenge. Zimene mwayankhulazo ndizo muzilembe.

Za kutha kwa ziganizo, cholakwa chanu ndi chogawa ziganizo potsata ndime. Musawerenge ndime, koma fufuzani pamene nkhaniyo ikukhota. Yanuyi ikukhota kawiri, motero ili ndi zigawo zitatu: zimene ankakhulupirira, chimene chinagwetsa chikhulupirirocho, ndi zotsatira zake. Ine ndikanalemba motere: "Asanadziwe za tizilombo, anthu ankaloza chala mpweya wa m'madambo kuti ndiwo ukuwadwalitsa malungo. Maganizowa anagwa pakati pa 1880 ndi 1898, pamene Laveran anaona tizilombo m'magazi a wodwala, ndipo Ross ndi ofufuza a ku Italy anasonyeza kuti amatifalitsa ndi udzudzu. Kuchokera pamenepo, ntchito yopewa matendawa inalunjika pa udzudzu ndi malo amene umaswanirana." Onani kuti ndime ziwiri zoyamba zalowa m'chiganizo chimodzi chachifupi, pamene ndime zitatu zapakati zalowa m'chiganizo chachiwiri, ndipo Algeria ndi India zatsala kunja popeza mfundo ikuima bwino popanda mayikowo.

Mlembi wa misonkhano: Ine ntchito yanga ndi yolemba zokambirana, ndipo bwana akafuna ziganizo zitatu ndimangozitalikitsa ndi mipatuliro mpaka zonse zitalowamo. Palibe lamulo limene limanena kutalika kwa chiganizo, choncho wofunsa angaike Algeria, India ndi zaka zonse popanda kutaya kanthu.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito: Mayi, pa zokambirana za msonkhano mwina zimenezo zingathandize, chifukwa kumeneko chigamulo chilichonse chiyenera kuoneka. Koma amene wapempha ziganizo zitatu akuyesa ngati wophunzira angasankhe chofunika n'kusiya china. Chiganizo chokhala ndi "ndipo" kanayi ndi ndime yobisala, ndipo chikusonyeza kuti wolembayo anaopa kusankha. Muyeso wanga ndi wakuti ngati simungachiwerenge mokweza popanda kupuma kawiri, chadzaza kwambiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri aphunzitsi, tsopano ndaona pamene ndinaphonya. Komabe ndili ndi nkhawa imodzi. M'chidule chanu muli mawu akuti "tizilombo m'magazi a wodwala", ndipo mawu amenewa ali chimodzimodzi m'ndime yachitatu. Kodi amenewa sandigwetsanso?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito: Mwafunsa bwino. Mukamaliza kulemba, tsegulani nkhani ija n'kuyerekeza, ndipo mudule mzere pansi pa malo alionse amene mawu anayi kapena kuposerapo akutsatana ngati a mlembi. Pa malo otero dzifunseni ngati pali njira ina yoona yonenera chinthucho. Mayina, zaka ndi mawu a sayansi alibe njira ina. Koma apa ilipo, chifukwa mungayambe ndi magaziwo n'kunena kuti "pamene Laveran anapima magazi a munthu wodwala n'kupezamo tizilombo". Poyerekezapo muonenso kuti simunawonjezere maganizo anu kapena zimene munawerenga kwina, ngakhale zitakhala zoona, monga mphoto ya Nobel imene Ross analandira mu 1902, ngati nkhaniyo sinaitchule.

Mkonzi wa zolembalemba: Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa zambiri, koma muyeso wa mawu anayiwo sindikuukhulupirira kwenikweni m'Chichewa, chifukwa liwu limodzi monga "ankakhulupirira" limanyamula zambiri, kotero kuti mawu awiri okha angakhale kale kalembedwe ka mwini nkhani. Ndikanachotsanso dzina la Laveran ndi la Ross n'kungoti "ofufuza", popeza kutchula awiri n'kusiya a ku Italy opanda mayina kukupendeketsa mbiriyo.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito: Pa za mawu awiri mwandikhoza, bambo, ndipo ndivomereza kuti nambala ija ndi yongothandiza diso. Pa mayina ndikukanabe, chifukwa nkhaniyo yapereka ndime yathunthu kwa Laveran, ndipo chidule chiyenera kulemera pamene nkhaniyo yalemera. Wofunsa atiuze ngati ndime yachisanu yatchula ofufuza a ku Italy aja ndi mayina, pakuti ngati yatero, chiganizo chachiwiri chiyenera kulembedwanso.