Siivi ya makolamu awiri ikusokonekera tikaikweza pofunsira ntchito: tiikonze bwanji?

Nabanda: Akuluakulu, thandizeni. Kasitomala wabwera ndi siivi yomwe adaipangira pa Canva. Kumanzere kuli kadanga kakang'ono kobiriwira komwe kuli chithunzi, foni, imelo, maluso ndi zilankhulo. Kumanja kuli ntchito zomwe wagwirapo ndi maphunziro. Akufunsira ya ukalaliki wa zachuma ku bungwe lina lomwe limalandira makalata kudzera pa Workday, makina a pa intaneti omwe amawerenga siivi okha. Tikaikweza, mabokosi amadzidzaza okha koma ndi zosokonekera. Pa Job Title palowa dzina la pulogalamu yowerengetsera ndalama, pa Company palowa chilankhulo, ndipo nambala ya foni sikuoneka n'komwe. Kodi ndingoisandutsa kukhala ya Word basi?

Chimwemwe wa pa sitejonale: Eya asisi, itsegulireni mu Word, kenaka Layout, Columns, One. Makolamu awiriwo asanduka imodzi. Musaiwale kuchotsa chithunzicho, makinawa sakonda zithunzi.

Bambo Phiri: Zoti ikhale kolamu imodzi mwalasa, achimwene, koma njirayo siigwira pa fayilo imeneyi. Columns imangosintha makolamu omwe adapangidwa ndi Columns yomweyo. Matempuleti ambiri okongolawa sadapangidwe choncho. Ena ndi tebulo lobisidwa mizere, ena ndi timabokosi ta Text Box toyandama pamwamba pa tsamba, ndipo PDF ya Canva ikatsegulidwa mu Word kawirikawiri imabwera ili zidutswazidutswa. Mudina One, tsamba likhala momwe linalili.

Mayi Nabanda, musanakonze kanthu yambani mwaona zomwe makinawo akuona. Tsegulani PDF ija, dinani Ctrl+A, kenaka Ctrl+C, mukamate mu Notepad. Notepad ilibe mitundu, ilibe mabokosi, imangokupatsani mawu mu ndondomeko yomwe atulukira. Tionetseniko mizere ingapo.

Nabanda: Zatuluka chonchi:

```
S K I L L S   W O R K  E X P E R I E N C E
Sage Pastel   Accounts Assistant
Chichewa Fluent   (dzina la kampani), Lilongwe
Bank reconciliation   2021 - 2023
```

Foni ndi imelo zili pansi penipeni, pambuyo pa mareferi, ndipo patsogolo pa chilichonse pali kabokosi kopanda kanthu.

Bambo Phiri: Matenda aoneka. Munthu akamawerenga tsamba la makolamu awiri amatsika ndi lakumanzere mpaka pansi, n'kubwerera pamwamba kukayamba lakumanja. PDF siisunga nzeru imeneyo. Imangosunga kuti mawu akutiakuti akhale pamalo akutiakuti pa tsamba. Ndiye pulogalamu yowerenga iyenera kudziganizira yokha kuti chiyambe ndi chiti. Ina imadutsa mzere kuchoka kumanzere mpaka kumanja ngati tsamba la buku, n'chifukwa chake Sage Pastel yakhala pa mzere umodzi ndi udindo wa munthuyu. Ina imatsata ndondomeko yomwe zidutswazo zidaikidwira mu fayilo, ndiye chomwe wopanga tempuleti adamaliza nacho chimathera pansi ngakhale pa tsamba chili pamwamba. Notepad siionetsa ndendende zomwe Workday ikuchita, koma ikasokonekera apa dziwani kuti uko simungadalire.

Vuto lachiwiri lili pa mitu. Makinawa amagawa siivi m'zigawo pofufuza mitu yomwe amaidziwa, monga Work Experience, Education ndi Skills. Tempuleti yanu idatalikitsa zilembo kuti zioneke bwino, ndipo potuluka mwalowa mipata pakati pa chilembo chilichonse. Kwa makina amenewo si mawu ayi, ndi zilembo zomwazikana, ndiye sakudziwa pomwe ntchito zayambira. Timabokosi topanda kanthu tija ndi tizizindikiro ta foni ndi envulopu, tochokera mu fonti ya tizithunzi yomwe Notepad siidziwa.

Langizo langa, musavutike kukonza fayilo yakaleyo. Mawu ali kale mu Notepad, ndiye asanjeni momwemo mu ndondomeko yoyenera, chotsani mipata ya m'mitu, kenaka tsegulani tsamba latsopano mu Word n'kumata. Mawu odzera mu Notepad amabwera opanda chodetsa chilichonse cha tempuleti. Tsamba likhale A4, malire a masentimita 2 mbali zonse, fonti imodzi yokha monga Calibri kapena Arial ya 11, mitu 13 kapena 14. Pamwamba dzina pa mzere wakewake. Mzere wotsatira mzinda, foni yoyamba ndi +265, ndi imelo yolembedwa yonse. Zimenezi zikhale m'thupi la tsamba, osati mu Header, chifukwa mapulogalamu ena owerenga mafayilo a Word amadumpha Header ndi Footer.

Ntchito iliyonse ilembedwe mofanana kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, yaposachedwa pamwamba:

```
Accounts Assistant
(dzina la kampani), Lilongwe
Mar 2021 - Nov 2023
```

Pansi pake timfundo titatu kapena tinayi ta zomwe ankachita, pogwiritsa ntchito batani la Bullets la mu Word. Miyezi njofunika. Zaka zokha monga zili panopa zitha kutanthauza chaka chimodzi ndi mwezi umodzi kapena pafupifupi zaka zitatu, ndipo makina ena amawerengetsa zaka zomwe munthu wagwira ntchito potengera masiku amenewa.

aNgozo: Pepani ndalowerera. Ine ndimasindikiza siivi, kasitomala asayine, kenaka ndisikane ndi foni kuti ikhale PDF yoyera bwino. Yanga njakolamu imodzi kale, ndiye palibe vuto eti?

Nasimango wa ku ofesi yolemba anthu ntchito: Ayi bambo, yanuyo ndiye yovuta kuposa ya Mayi Nabanda. Chosikana ndi chithunzi cha pepala, mulibe mawu mkatimo pokhapokha pulogalamu yosikanira itawazindikira n'kuwaikamo. Yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi. Likakanika kusankhika, makina ambiri apeza tsamba lopanda kanthu. Siivi sifunika siginecha. Zosikana zisungireni masatifiketi, omwe amakhala ndi malo awoawo okwezera. Ndipo a pa Canva asamale ndi kabokosi ka Flatten PDF potsitsa fayilo, nakonso kamatha kubweretsa vuto lomweli.

Ndiwongoleko pang'ono mantha omwe amafala. Makinawa si kuti akaona makolamu awiri amataya kalata ya munthu. Fayilo imafika ndipo titha kuitsegula. Chomwe chimachitika n'chakuti makalata akachuluka timafufuza ndi mawu, mwachitsanzo payroll kapena ICAM, dzina la bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, kapena timayang'ana kaye zomwe zadzazidwa m'mabokosi. Ngati udindo wa munthu walembedwa kuti ndi dzina la pulogalamu, ndi wosavuta kumupitirira. Omwe amagwa pompopompo nthawi zambiri amagwera pa mafunso a eya kapena ayi a pa fomu, monga akuti muli ndi dipuloma kapena chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo.

Nabanda: Nanga maluso? Pa tempuleti pali timizere tosonyeza mlingo, Excel tidontho tinayi mwa tisanu, zoterozo. Kasitomala amazikonda kwambiri.

Nasimango: Tidonthoto ndi zojambula, makina saziwerenga, ndipo kunena zoona ngakhale ife sitidziwa kuti tinayi mwa tisanu ndiye kuti chiyani. Lembani ndi mawu, molekanitsa ndi makoma, ndipo pomwe pakufunika nenani chomwe amatha kuchita: Excel pamodzi ndi pivot tables ndi VLOOKUP ngati amazithadi. Tengani katchulidwe ka pa chilengezo cha ntchitocho. Ngati alemba accounts payable ndipo iye adalemba paying suppliers, ntchito ndi imodzi koma wofufuza atayipa zoyambazo. Za maphunziro lembani dzina lonse kamodzi pamodzi ndi chidule chake, monga Malawi School Certificate of Education ndi MSCE pambali, chifukwa simudziwa kuti wofufuza atayipa chiti, makamaka ngati ali kunja kwa dziko. Chonde osabisa mawu a pa chilengezo powapaka utoto woyera. Pa mawu omwe makina atulutsa amaoneka onse poyera.

Chimwemwe: Nanga yomwe ili kale mu Word koma ili ndi tebulo? Kuyambiranso zonse n'kutaya nthawi, anthu amakhala ali pa mzere.

Bambo Phiri: Imeneyo ili ndi chidule. Dinani Ctrl+Shift+8 kuti zobisika zioneke, ndi Alt+F10 kuti muone mndandanda wa mabokosi ndi zojambula zomwe zili pa tsambalo. Ngati ndi tebulo lokha, dinani mkati mwake, pitani pa Layout ya tebulo, Convert to Text, musankhe Paragraph marks. Koma samalani, limamasuka mzere ndi mzere, ndiye za kumanzere ndi za kumanja zitha kulowana ndipo mufunika kuzisuntha ndi manja. Mabokosi ndiye msampha weniweni. Mukadina Ctrl+A n'kumata mu Notepad, mawu a m'mabokosi ndi a mu Header nthawi zambiri satuluka, ndiye mutha kutaya gawo lonse la maphunziro osazindikira. Kopererani bokosi lililonse palokha musanalifufute, ndipo pomaliza muyerekeze ndi pepala lakale.

Ngati mukufuna masiku akhale kumanja pa mzere umodzi ndi udindo, osakankha ndi Spacebar kapena kuikanso katebulo. Ikani Tab stop ya Right pa masentimita 17, womwe ndi mulifupi wotsala pa A4 mukachotsa 2 uku ndi 2 uku, n'kudina Tab kamodzi.

Nasimango: Pamenepo ndiye timasiyana pang'ono, bambo. Ine ndimakonda masiku pa mzere wawo. Tab ikasowa posandutsa fayilo, udindo ndi mwezi zimagundana kukhala liwu limodzi.

Bambo Phiri: Zimachitikadi, koma munthu wa ntchito zisanu ndi imodzi mizere yowonjezerayo imamukankhira pa tsamba lachitatu. Ndimangoyesa mu Notepad, pakakhala mpata ndimasiya.

Chimwemwe: Ndiye titumize PDF kapena docx? Ine ndidamva kuti PDF makina saiwerenga.

Nasimango: Yosikana ndiyo saiwerenga. Yochokera mu Word kudzera pa Save As imawerengeka bwinobwino pa makina ambiri a masiku ano. Choyamba tsatirani zomwe fomu yanena. Ikalola zonse ziwiri, ena amati docx njodalirika kwa makina akale, ena amati PDF chifukwa siisuntha ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda fonti yanu. Apa sindingakusankhireni. Mukasunga PDF bwerezani kuyesa kuja, ndipo muyang'anitsitse mawu okhala ndi fi ndi fl monga finance ndi certificate, chifukwa mafonti ena amalumikiza zilembo ziwirizo ndipo potuluka zimasowa.

Nabanda: Ndamanga yatsopano. Dzina, foni, imelo ndi ntchito ziwiri zalowa m'malo mwake. Yachitatu yatenga dzina la dipatimenti ngati kampani, chifukwa ndinaika dipatimenti patsogolo. Siivi yakula kuchoka pa tsamba limodzi kufika awiri osadzaza, ndipo kasitomala akudandaula kuti ikuoneka yosauka.

Nasimango: Bwezerani dzina la kampani patsogolo, dipatimenti ipite m'timfundo. Ndipo musanadine Submit werengani bokosi lililonse n'kukonza ndi manja chomwe chalakwika, pakuti zimenezo ndi zomwe zimasungidwa. Kuti muchepetse malo chotsani chipembedzo, mudzi ndi mfumu, komanso za pabanja ngati sanazifunse. Mareferi atatu asiyeni pomaliza ngati chilengezo chawafuna. Yokongola ija asaitaye, imathandiza kumalo komwe amalandirabe makalata a m'envulopu kapena pa imelo yowerengedwa ndi munthu. Kungoti akasintha nambala ya foni kapena akawonjezera ntchito, akumbukire kusintha mafayilo onse awiri.