Thandizo pa mizere ya adiresi yotsala polumikiza matchipi a 6116

Akuluakulu, ndine wophunzira zamakompyuta kuno ku Zomba, ndikupempha nzeru. Atipatsa ntchito yopanga memore ya 8K × 16 ndi matchipi a 6116, omwe iliyonse ndi 2K × 8.

Ndapeza kuti pakufunika matchipi 8. Ndawaika awiriawiri kuti mabiti akwane 16, ina itenge D0–D7, inzake D8–D15, ndiye magulu akhala 4. Popeza 2048 ndi 2^11, mizere A0–A10 ikupita ku tchipi iliyonse. A11 ndi A12 ndailowetsa mu dikoda ya 74LS139 kuti izisankha gulu kudzera pa CS.

Pamene pandivuta ndi apa: purosesa ili ndi mizere 16 ya adiresi, ndipo A13, A14 ndi A15 sinalumikizidwe paliponse. Ndikalondola chojambula changa, nambala yolembedwa pa 0000H iwonekanso pa 2000H ndi 4000H, mpaka E000H, chifukwa dikoda sikuiwona mizere itatuyo. Izi sizikundisangalatsa, poti ROM nayo ikufuna malo ake.

Kodi ndiiphatikize ndi OR n'kulowetsa pa mwendo wa G wa dikoda, kuti memore iziyankha pa 0000H–1FFFH pokha? Kapena ndionjezere 74LS138? Amene munapangapo, ndiunikireni chonde.