Zithunzi za katundu wanga zikutuluka ngati muli chifunga

Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndinayamba kugulitsa katundu pa intaneti miyezi itatu yapitayo, koma chithunzi chilichonse chimene ndajambula chikutuluka ngati muli chifunga. Foni yanga yabwino anabwereka alamu anga popita ku ukwati ndipo mpaka lero sanabweze, pomwe amuna anga akuti ndisayambitse mkangano pachibale, choncho ndatsala ndi kafoni kakale. Eninyumba nawonso anakana kuti ndisinthe penti wobiriwira wa pabalaza. Katunduyo ndimamuika pachitenje chokongola kwambiri, koma ogula akungofunsa mtengo n'kusowa. Kodi ndikulakwitsa pati?

Malume a ku Mchesi: Mayi, musataye nthawi. Foni yotchipa singatulutse chithunzi chabwino ngakhale mutaipempherera. Pitani mukatenge foni yanu kwa alamu anuwo, ndipo pojambula muziika katundu padzuwa la masana, chifukwa kamera imafuna kuwala kochuluka.

Nachisale: Ine mng'ono wanga anabwereka mashini anga osokera, ndipo atabweza patapita chaka anali atathyoka. Nkhani yotere imafunika ankhoswe, musaisiye.

Wojambula maukwati ku Zomba: Mayi, simunatiuze kuti mukugulitsa chiyani komanso mumajambula nthawi yanji, pomwe yankho lagona pamenepo. Malume anena zoona kuti kuwala n'kofunika, chifukwa m'chipinda cha mdima foni imachedwa kutseka diso lake kuti itolere kuwala, ndiye dzanja likanjenjemera pang'ono chabe chithunzi chimapakika. Koma dzuwa la masana limabweretsa mithunzi yakuda ndipo zoyera zimapserera. Jambulani pakhonde pamthunzi, kapena pambali pa zenera limene dzuwa silikulowa mwachindunji, kuwala kuzichokera cham'mbali, ndipo mbali inayo muimike pepala loyera kuti libwezere kuwala pa katundu. Chitenje chichotseni, chifukwa maluwa ake amakopa kamera kuposa katunduyo.

Malume a ku Mchesi: Achimwene, inu mumajambulira kamera yodula, ndiye musanamize anthu. Ine ndagulitsa nsapato zaka zisanu ndikujambula pabwalo masana, ndipo palibe anadandaulapo. Kukada ndimayatsa Flash, nkhani yatha.

Mayi a mapasa: Pukutani kaye galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Ine ndimagulitsa mandasi, ndipo mafuta a m'zala ndiwo ankachititsa chifunga chimenecho. Pansi muyale nsalu yoyera, imagwira pa chilichonse.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndimagulitsa ndolo za mikanda zimene ndimapanga ndekha, ndipo ndimajambula madzulo ndikamaliza kuphika. Popeza ndi zazing'ono, foni ndimaiyandikitsa mpaka kutsala pang'ono kuzikhudza.

Wojambula maukwati ku Zomba: Vuto lalikulu ndi limenelo. Mafoni ambiri sangathe kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10, ndipo ena otchipa amafuna mtunda woposa pamenepo. Mudzazindikira mukaona kuti maluwa a chitenje kumbuyo akuoneka bwino pomwe ndolo zapakika. Bwererani m'mbuyo masentimita 25 kapena 30, musakokere chithunzi pafupi ndi zala, mudzadule m'mbali mukatha kujambula. Tengani pepala lalikulu losanyezimira, theka ligone patebulo, theka likwere khoma mopindika bwino, kuti kumbuyo kusaoneke mzere. Foni muitsamiritse pa mabuku, mugunde pa ndolo pasikirini kuti kamera ilunjike pamenepo, kenako muike Timer pa masekondi 3 n'kuchotsa dzanja. Pa zoyera Mayi a mapasa anena theka: foni ikaona kuyera kwambiri imachepetsa kuwala, pepala n'kutuluka lotuwa, choncho mukweze kachizindikiro ka dzuwa kowonjezera kuwala pasikirini ngati foni yanu ili nako. Mikanda yoyera imafuna pepala lotuwa kapena lakuda. Mutalikirenso khoma lobiriwiralo, chifukwa lidzapaka mtundu wake pa ndolo.

Malume a ku Mchesi: Zonsezo n'zotopetsa munthu amene ali ndi ana oti aphikire. Ine ndikubwereza kuti foniyo ibwere basi.

Nachisale: Malume, Flash yanuyo pa mikanda idzangothwanima ngati magalasi, ndipo nsapato si ndolo. Komanso lekani kulankhula ngati gulu lino ndi lanu.

Mnyamata wa pa Chichiri: Palibe amene watchula za kutumiza. WhatsApp imachepetsa chithunzi, choncho musankhe HD kapena mutumize ngati Document, ngakhale zimadya bandulo yambiri.

Wofunsa: Ndayesa m'mawa uno pakhonde ndi kumbuyo kwa kalendala yakale. Mikanda yofiira tsopano ikuwerengeka umodziumodzi, koma timawaya tasiliva tikunyezimirabe mpaka sitikuoneka. Kodi pamenepa ndichite chiyani?

Malume a ku Mchesi: Ndinanena kale ine kuti vuto ndi foni.